Dengu la Mimba Zitatu

Nkhani ya ku Kumasi Lamisi anaiyamba udzu uli kukamwa. Tinali pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, tikung'amba udzu ndi mano kuti tiupote, ndiye mawu ake anatuluka ngati akutafuna nzimbe.

"Akulu, mapira akangolowa m'nkhokwe, ine ndikupita ku Kumasi. Mwana wa azakhali anga wandipezera ntchito yotsuka mbale pamalo ena odyera."

"Pita," ndinatero. "Mwina kumeneko akakuphunzitsa kutsuka mbale, poti kuno zinakukanika."

Lamisi ndi mkazi mnzanga. Ine Ayampoka ndine wamkulu, iye wamng'ono, ndipo mwamuna wathu ndi Abugre, munthu amene amacheza ndi nkhanga zake kuposa mmene amachezera ndi anthu. Chibwerereni Lamisi pakhomo pano dzuwa silinalowepo tisanakangane. Timakangana za mchere, za tsache, za amene wasiya mbuzi kuti ilowe m'bwalo. Koma Kumasi ndi mzinda waukulu wakutali, kumwera. Ana anga onse ali kumwera, ndipo ndikudziwa mmene zimathera: munthu amati akupita chilimwe chimodzi, kenako umadzamuona pamaliro. Ndinachita mantha, ndipo mantha anga amatulukira pakamwa ngati chipongwe.

Sindikanamunena kuti walakwa. Udzu wolukira masiku ano timachita kugula, umabwera pa malole kuchokera kumwera. Utoto timagula. Ung'ambe udzu, uupote pa patapata wakale mpaka dzanja lithuze, uuphike mu utoto, uluke dengu masiku angapo. Ndiye tsiku la msika wa ku Bolga, tauni yathu, usanafike n'komwe mumsikamo, pamsewu pakudikira anyamata ogula mopikulitsa ndi masaka awo. Amalitembenuza dengu, kulinunkhiza, kulipezera chilema, kenako n'kutchula mtengo wongokwanira kugula udzu wina. Ukakana amakuuza kuti amayi ena akubwera m'mbuyomo.

Amene anabweretsa nzeru yodumpha anyamata a pamsewuwo ndi Dery, dalaivala wa basi ya ku Accra. Dery mtundu wake ndi Mdagaaba, ife ndife Afrafra, ndipo Mdagaaba ndi Mfrafra salonjerana osatukwanana. Ndi chisuweni chathu chakalekale. Iye amati ife ndife akapolo ake, ife timati iye ndiye kapolo wathu, ndipo tonse timanenana kuti ndife akuba agalu. Palibe amene amakwiya, koma palibenso Mfrafra wamutu wabwino amene amakhulupirira mawu oyamba a Mdagaaba.

Anafika tsiku lina kudzagula nkhanga kwa Abugre, n'kutipeza tikuluka.

"Akapolo anga, mwabisa kuti galu wanga?"

"Tamudya, mutu wake takusungira," anatero Lamisi.

"Mwachita bwino. Tamverani, ku Accra kuli mayi wina, Madamu Koshie, ali ndi sitolo ya madengu, ena amatumiza kunja. Ndimamunyamulira katundu. Ndipatseni anu abwino ndikamuonetse. Mukulukira anyamata a pamsewu ngati munawabereka ndinu."

Tinasankha madengu athu onyadira, ozungulira bwino, milomo yowongoka, zogwirira zake Abugre atazikulunga ndi chikopa cha mbuzi. Tinawanyowetsa, kuwaphwatalitsa, n'kuwalonga m'saka limodzi. Dengu lathu silisweka ukaliphwatalitsa lili lonyowa, ndipo ukalinyowetsanso limabwerera mmene linalukidwira.

Saka litamangidwa, Abugre anadzuka pampando wake. Iye sadzuka wamba.

"Mukutumiza katundu kwa mlendo chimanjamanja? Adzati kwa Abugre kulibe ulemu. Ikani mazira a nkhanga."

Madengu onse abwino anali kale m'saka. Linatsala limodzi lokha, limene nkhuku ya Lamisi inkaikiramo.

Dengu limenelo linali chamanyazi cha pakhomo pathu. Ndinaliyamba ine, kenako kunagwa maliro kwathu, ndinapita. Pobwera ndinapeza Lamisi walipitiriza osandipempha. Ndinamulanda. Nditapita kuchigayo analitenganso. Tinalandana choncho mpaka linatha, ndipo linatuluka ndi mimba zitatu, ina pamwamba pa inzake, mlomo wake uli kumbali ngati munthu amene wamva nkhani yonyansa. Ngakhale anyamata a pamsewu sitinawaonetse. Ine ndinkati waliwononga ndi Lamisi, iye ankati ndine. Tinathamangitsa nkhukuyo, kukutumula zitosi, kuyala udzu wouma, n'kuikamo mazira a Madamu.

Dery atabwerera anafika ndi dengu lomwelo m'manja, atalimanga kansalu kofiira pachogwirira. Anakhala pansi, tinamupatsa madzi a ufa wa mapira, anamwa.

"Madamu akuti mazira anakoma. Akuti akufuna madengu makumi atatu."

Lamisi anaimba nthungululu. Ine ndinafunsa kuti ofanana ndi liti mwa aja tinatumiza.

"Ofanana ndi ili," anatero Dery, akuloza la nkhuku.

Tinaseka mpaka Abugre anatsamwa ndi mtedza wa kola. Akazi a nyumba zoyandikana anabwera kudzaona, ndipo atamva nawonso anagwa pansi.

"Iwe Dery, lero wafika pena," ndinatero ndikupukuta misozi. "Ukufuna tiluke zisa za nkhuku makumi atatu, kenako ukatiimbe m'mabasi onse kuti Afrafra apenga?"

"Mma Ayampoka, ndikulumbira pa manda a bambo anga."

"Bambo ako ali moyo, tinawaona ku msika dzana."

"Chabwino, pa manda a agogo anga! Mayiyo analikumbatira dengu ili. Analiika pa tebulo n'kumalizungulira ngati likufuna kulankhula."

Akamalumbira kwambiri, ifenso tinkaseka kwambiri. Anayesa kumuimbira foni Madamuyo, koma zinathandiza chiyani? Madamu salankhula chinenero chathu, ife sitilankhula chake, ndipo pakati pathu panali pakamwa pa Mdagaaba pokha. Abugre ndiye anaweruza nkhaniyo monga mwini khomo. Anati mayi waulemu sasunga chotengera cha mphatso, amabweza, ndipo n'chifukwa chake dengulo labwera. Ngati pali chimene analikondera, ndi mitundu yake, wakuda ndi wachikasu. Zinamveka zanzeru kwambiri. Dery anachoka akupukusa mutu, ife tikumukuwiza kuti apereke moni kwa agogo akewo.

Nkhuku inabwerera m'nyumba yake, ife tinayamba ntchito. Tinaitana akazi anzathu a m'mudzi asanu. Tinagula udzu wabwino, tinaphika utoto mpaka manja athu anada ngati a wowotcha makala. Ine ndinkayendera dengu lililonse ndi kamtengo koyezera, ndipo lopendekeka pang'ono ndinkalimasulitsa. Lamisi sanatchulenso za Kumasi. Ankaimba akuluka, ndipo ine ndinkamuuza kuti mawu ake akuthawitsa nkhanga, koma mumtima ndinali wokondwa ngati mwana.

Mphepo ya fumbi itayamba, Madamu Koshie anabwera yekha ku Bolga kudzagula katundu, ndipo Dery anafika naye pakhomo. Anali mayi wamfupi, wonenepa, wa magalasi opachika pa chingwe. Tinasesa bwalo, tinandanda madengu onse makumi atatu, ozungulira ngati mwezi. Abugre anavala malaya ake a pa zikondwerero.

Madamu anayenda pamzerepo, kugwira ili, kugwira ilo. Analankhula ndi Dery motsitsa mawu.

"Akuti ndi okongola," anatero Dery. "Akuti otere ali nawo odzaza chipinda, ndipo mumsika wa ku Bolga angagule lole yathunthu lero lomwe. Akufunsa kuti ake aja ali kuti."

Nthawi yomweyo nkhuku ya Lamisi inatetera kuseri kwa nkhokwe. Madamu anatsatira kulirako, anawerama, anaikankha nkhukuyo mwaulemu, n'kutulukira atanyamula dengu la mimba zitatu, kansalu kofiira kali pomwepo.

Dery sanaseke. Zikanakhala bwino akanaseka. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mma, agogo anga akupereka moni."

Madamu sanali munthu woipa. Anafotokoza kudzera mwa Dery kuti ogula ake akunja atopa ndi madengu ofanana, akufuna lokhala ndi mafunde, loti ukaliika m'chipinda anthu afunse. Anati ozungulirawo atengapo ochepa chabe kuti tisalire. Koma tikamutumizira lina limodzi ngati la nkhukuli pa ulendo wotsatira wa Dery, adzadziwa kuti sizinali zangozi, ndipo azidzagula mwezi ndi mwezi. Asanakwere galimoto anapempha madzi, ananyowetsa dengulo, analikanikiza ndi manja, n'kulisiya. Mimba zonse zitatu zinabwerera m'malo mwake.

"Akuti musayese kulikhalira," anatero Dery. "Akuti mafunde okhalira amatha ndi madzi. Akufuna olukira."

Ndikuganiza kuti mayiyo anamuwerenga Abugre pankhope, chifukwa galimoto isanazimiririke iye anali atakhalira kale dengu limodzi lonyowa, kola ali kukamwa, akuti Madamu sangadziwe. Anakhalapo mpaka thalauza linanyowa. Titalithira madzi dengulo linazungulira bwinobwino ngati likumuseka.

Ndiye tinayamba kuphunzira kuluka moipa, ife akazi amene taluka chiyambire tisanamere mabere. Simungakhulupirire kuvuta kwake. Ine dzanja langa limakoka udzu mwamphamvu, ndipo ngakhale nditseke maso dengu limatuluka lolimba, lowongoka ngati mtondo. Ndinayesa kuluka nditamwa mowa wathu wa pito, linatuluka lowongokabe, ine ndi amene ndinapendekeka. Lamisi dzanja lake ndi lofewa, amaluka momasuka, ndipo akayesa kupotoza dala dengu linkangofutukuka ngati chipewa cha mlimi. Akazi anzathu aja anayesa masiku awiri n'kubwerera kwawo, atanyamula madengu awo ozungulira kukagulitsa kwa anyamata a pamsewu. Pochoka sanatsanzike bwino.

Ulendo wa Dery utayandikira, tinalibe kanthu. Madzulo ake tikudya, ndinayamba ine.

"Zaka zonsezi umawononga madengu osapemphedwa. Lero tikukupempha kuti uwononge, ukukanika."

"Analiwononga ndinu, akulu. Mumakoka udzu ngati mukukoka khutu la mwana wopeza."

"Ine? Dengu langa linayamba lapendekekapo liti?"

"Ndiye lukani nokha, poti ndinu odziwa zonse. Ine malo anga ku Kumasi akundidikira."

"Pita! Ukuyesa tikulira? Mchere udzayamba kukhalitsa m'nyumba muno."

Abugre anatsegula pakamwa, tonse tinamuyang'ana, anatsekanso. M'mawa kutacha Lamisi anamanga katundu wake m'chitenje, anagwada kutsanzika mwamuna wake, ine anangondiuza kuti nkhuku ndiziipatsa madzi. Ndinayankha kuti ndiidya. Anasenza katundu n'kulowera kumsewu, osacheuka.

Pakhomo panakhala zii. Abugre anapita kukadandaulira nkhanga zake. Ine ndinasesa bwalo losesa kale. Ndinapeza mchere uli pamalo pake, tsache lili pamalo pake, ndipo zinandinyansa. Pansi pa mtengo panali dengu limene Lamisi analisiya pakati, nthiti zake zili yangayanga, lofutukuka ngati mwini wake. Ndinalitola mwaukali kuti ndilikonze, ndimuonetse ngakhale palibe mmene dengu limalukidwira. Ndinanyowetsa udzu, n'kuyamba kukoka.

Nditazungulira mizere ingapo ndinaona kuti dengu likundipanikiza chala. Ndinaliimika pa bondo. Pamene panathera dzanja la Lamisi panali potakasuka, pamene panayambira langa panali pothina ngati lamba, ndipo pakati pa ziwirizo panatuluka mimba. Yozungulira, yonenepa, yofanana ndendende ndi ya dengu la nkhuku.

Kenako ndinatukwana mokweza mpaka Abugre anathamanga kudzaona ngati ndalumidwa ndi chinkhanira.

"Bambo, dengu lija silinawonongedwe ndi munthu mmodzi."

"Ndinkadziwa," anatero iye, amene sankadziwa kanthu.

Ndinafungatira dengulo ndi mtolo wa udzu wonyowa, ndinathamangira kumsewu ndi patapata mmodzi wanga, wina wopotera udzu. Ndinaimitsa njinga yamoto ya matayala atatu yodzaza mbuzi, ndipo ndinafika ku siteshoni ya ku Bolga ndikununkha ngati khola.

Mwamwayi basi ya ku Kumasi sinyamuka isanadzaze. Lamisi anali pawindo, katundu pamiyendo, akudya dzira lowiritsa. Atandiona anayang'ana kumbali. Njira yonse ndinkakonza mawu abwino oti ndimuuze, koma nditafika pawindopo anathawa onse.

"Iwe, wasiya nyansi zako pansi pa mtengo. Taluka apa."

Ndinamuponyera dengulo pawindo pamodzi ndi udzu.

"Akulu, mwapenga? Ndili pa ulendo."

"Basi sinadzaze. Luka mizere isanu, mwaulesi mwako muja."

Analiyang'ana dengulo, anaona mimba ija, anaipapasa ndi chala. Lamisi ndi waulesi koma si wopusa. Anaika dzira lonse m'kamwa n'kuyamba kuluka. Atatha anandibwezera pawindo.

"Kokani, poti kukoka ndiye mumatha."

Ndinakoka nditaimirira padzuwa. Ndinamubwezera. Anamasula, ndinathina, anamasula. Mimba yachiwiri inayamba kuoneka. Anthu a m'basi anayamba kusuzumira. Bambo wina wa chipewa choyera anafunsa ngati tikugulitsa kapena tikumenyana, mayi wa kumbuyo anamuyankha kuti ndi akazi a mwamuna mmodzi, ndipo bamboyo anati basi wamva. Wogulitsa madzi anaima n'kumatithirira pa udzu osapemphedwa. Ndipo poti tsoka silisowa mboni, Dery anatulukira kuchokera ku basi yake, n'kuima manja ali m'chiuno.

"Taonani Afrafra! Kwawo kuli mitengo ya mthunzi, koma abwera kudzalukira pawindo la basi."

"Choka apa, wakuba agalu," tinatero tonse awiri pamodzi.

Anayandikira, analiona dengulo, ndipo kachiwiri pa moyo wake analankhula zoona. "Ndi lomweli. Mukalimaliza ndinyamuka nalo mawa."

Apo kondakitala anamenya basi ndi dzanja, kukuwa kuti watsala munthu mmodzi. Dalaivala analiza injini. Dengu linali m'manja mwa Lamisi, ndipo anasiya kuluka.

"Chabwino akulu, mwaona mmene zimakhalira. Mukapeze wina wa dzanja lofewa. Akazi aulesi m'mudzi muja ndi ambiri, mumanena nokha."

"Tsika, iwe."

"Nditsikirenji? Mchere wanu ukhalitse."

"Madamu akufuna madengu mwezi ndi mwezi. Sukumva?"

"Ndamva za Madamu. Ndikufunsa inu."

Munthu womaliza uja anali akukwera, atanyamula thumba la anyezi. Ine Ayampoka, amene sindinapemphepo kanthu kwa mkazi ameneyu chilowereni m'nyumba mwathu, ndinaima pamenepo ndi patapata wosiyana, fungo la mbuzi lili thupi lonse.

"Sindingathe ndekha," ndinatero.

"Dengu?"

"Dengu. Ndi pakhomo paja. Pali zii, Lamisi. Ndasesa kawiri."

Kenako anatulutsa katundu wake pawindo n'kundisenzetsa pamutu, ine wamkulu, anthu onse akuona. Anakangana ndi kondakitala za tikiti mpaka anamubwezera theka, anatsika dengu lili m'khwapa, ndipo mayi wa kumbuyo uja anaimba nthungululu basi ikutuluka.

Mimba yachitatu tinaimalizira pansi pa mtengo wathu, Abugre akudikira ndi chikopa chake cha chogwirira. Dery ananyamuka nalo m'mawa, ndipo Madamu atalinyowetsa mafunde sanathe. Mpaka lero amagula, ndipo anyamata a pamsewu tikamawadutsa ndi saka lathu osaima amatifunsa ngati tadwala. Akazi anzathu aja anabwerera, tinawagawa awiriawiri, wothina ndi womasula, ndipo amene amagwirizana kwambiri madengu awo sachita bwino.

Tsiku lomwe tinachoka ku siteshoni lija, tili m'njira, katundu wake ali pamutu panga, Lamisi anandifunsa ngati nkhuku ndinaipatsa madzi. Ndinali nditaiwala. Anandinyoza kuyambira pamsewu waukulu mpaka pakhomo, osapuma, ndipo ine ndinkayenda pang'onopang'ono kuti asamalize msanga.